Imelo ya kuntchito ikamveka yokalipa kapena youma: pomwe pamalakwika ndi kakonzedwe kake

Pafupifupi mwezi uliwonse wina amabwera pa desiki yanga atatsegula imelo n'kunena kuti, "Tawerengani apa, ndalakwitsa chiyani?" Iye analemba ndi mtima wabwino, koma amene analandira wayankha moipidwa, kapena wangoti zii, kapenanso wakadandaula kwa bwana. Ndikawerenga ndimapeza kuti vuto limakhala m'malo omweomwewo, ndipo kawirikawiri ndi mawu awiri kapena atatu okha. Apa nditsamira pa imelo yopempha kanthu ndi yokumbutsa munthu zomwe zachedwa, chifukwa ndi imene imadanitsa anthu kwambiri.

Gwero lake ndi lakuti polemba, inu mumamva liwu lanu m'mutu, koma wowerenga salimva. Mu 2005 Justin Kruger, Nicholas Epley ndi anzawo anasonyeza m'kafukufuku wawo kuti olemba imelo amadzikhulupirira mopitirira muyeso kuti wowerenga amva kamvekedwe komwe iwo amafuna. Mu 2008 Kristin Byron anafotokoza kuti imelo yolembedwa mwansangala imakonda kuwerengedwa ngati wamba, ndipo yolembedwa mwawamba imakonda kuwerengedwa ngati ya munthu woipidwa. Choncho mukaona kuti imelo yanu "ili bwinobwino", dziwani kuti kwa mnzanuyo ikhoza kufika yozizirirapo.

## Musanakonze chilichonse

Dzifunseni mafunso atatu. Ndi omwe akatswiri a chilankhulo Penelope Brown ndi Stephen Levinson anawaika pakati pa nkhani ya ulemu m'buku lawo la 1987, ndipo amagwira ntchito ngakhale pa imelo ya mizere iwiri.

- Munthuyu ali pamwamba panga, pansi panga, kapena ndife ofanana pa udindo?
- Timadziwana motani? Timalemberana tsiku ndi tsiku, kapena aka n'koyamba?
- Chomwe ndikupempha n'cholemera bwanji kwa iye? Ndi cha mphindi ziwiri, kapena chimudyera tsiku lonse?

Funso lachitatu ndi lomwe ambiri amaliiwala. Mnzanu wa pa desiki yoyandikana mukhoza kumulembera kuti "Munditumizireko nambala ya kasitomala uja" popanda vuto. Koma mnzanu yemweyo mukamupempha kuti abwereze ntchito imene anaimaliza kale, mzere umodzi sukwanira.

Kenako werengani imeloyo mokweza, koma mosaikamo liwu lanu lofatsa lija. Iwerengeni mowuma, ngati mukuwerenga chidziwitso chomatidwa pakhoma. Pomwe mwamva kuti pakubaya, ikanipo chizindikiro.

## Chizindikiro choyamba: akuti mumalamula, kapena akuyankha mokwiya

Mudzadziwa kuti muli apa ngati mayankho akubwera afupiafupi ("Chabwino." "Ndamva."), ngati munthu wayamba kudziteteza musanamuimbe mlandu, kapena ngati wayankha ataonjezera bwana wake pa CC.

1. Mneni wa pempho ndi wolamula. Ichi ndiye chofala kuposa zonse. Chichewa chili ndi makwerero a kapemphedwe, ndipo polankhula timakwera ndi kutsika osaganizako. Polemba mwachangu, timagwera pa khwerero la pansi penipeni. Taonani pempho limodzi lomweli:

- "Tumizani lipoti." Ili ndi lamulo, ngakhale lili ndi "-ni" waulemu.
- "Mutumize lipoti." Ndi langizo la munthu amene ali ndi mphamvu pa inu.
- "Munditumizireko lipoti." Apa mwaonekera inu wopempha, ndipo "-ko" wafewetsa.
- "Kodi mungathe kunditumizira lipoti?" Ili ndi funso, ndipo munthu ali ndi mpata wonena kuti zamuvuta.
- "Ndimapempha ngati mungathe kunditumizira lipoti." Ili ndi khwerero la kwa akuluakulu kapena la pempho lolemera.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Pezani mawu onse othera mu "-ni" omwe ali kumayambiriro kwa chiganizo: tumizani, konzani, bwerani, onani. Akapitirira awiri mu imelo yaifupi, wowerenga amva ngati ali pa pelete. Pokonza, kwerani khwerero limodzi kapena awiri, osati onse. Kwa mnzanu wofanana naye, khwerero lachitatu kapena lachinayi limakwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna ndichitsindike. Kumata "chonde" patsogolo pa lamulo sikulisintha kukhala pempho. "Chonde tumizani lipoti lero" imamvekabe ngati munthu amene watopa nanu, ndipo nthawi zina "chonde" amachita kuonjezera kutopako. Chomwe chimafewetsa ndi kusintha mneni. Samalaninso ndi "ta-", monga mu "Tatumizani". Pakamwa, pakati pa anthu ozolowerana, amatha kumveka monyengerera, koma akalembedwa ambiri amamumva ngati "mukuchedwa chiyani?"

2. Chiganizo choyamba chikuloza chala. "Simunatumize lipoti." "Mwalakwitsa manambala." "Simunayankhe imelo yanga." Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma wowerenga akangoona kuti mlandu uli pa iye, zotsatirazo saziwerenganso bwino, amakhala akukonza yankho lodzitetezera. Komanso mukhoza kukhala kuti ndinu amene simunaone. Imelo zimagwera ku Spam, zimapita kwa munthu wina wa dzina lofanana, kapena zimakanirira mu Outbox.

Pokonza, chotsani munthu pa mutu wa chiganizo n'kuikapo chinthucho kapena inu mwini. "Lipoti lija sindinalione, mwina landidutsa." "Pa tsamba 3, chiwerengero cha mzere womaliza sichikugwirizana ndi cha pa tsamba 1." Chiganizo chachiwirichi n'chothandiza kuposa "mwalakwitsa manambala", chifukwa chikumuuza pomwe ayang'ane.

3. Simunanene chifukwa. Tsiku lomaliza lopanda chifukwa limamveka ngati kufuna kwanu chabe. "Ndikulifuna Lachitatu" ndi "Ndikulifuna Lachitatu kuti ndiliphatikize ndi enawo msonkhano wa Lachinayi usanachitike" zikupempha chimodzimodzi, koma chachiwiricho chikumuonetsa munthu kuti nanunso muli ndi okuthamangitsani. Theka la chiganizo limakwanira.

4. Muli timawu totumbula. Timeneti timalowa tokha mukakhala mwatopa, ndipo ndi timene wowerenga amayamba kuona:

- "Monga ndinanenera kale" ndi "ndikubwerezanso": mukumuuza kuti samva.
- "Paja munati": mukumugwira ndi mawu ake.
- "-tu", monga mu "mwachedwatu": ndi kudzudzula.
- "Musalephere" ndi "mwa njira ina iliyonse": ndi chiopsezo chosatchula chilango.
- "N'chifukwa chiyani": polemba, funso ili limamveka ngati la kupolisi.

Ambiri mwa mawu amenewa mukhoza kungowafufuta, chiganizo n'kutsala chathunthu. Ngati mukufunadi kudziwa chifukwa, funsani kuti, "Kodi pali pomwe zavuta?"

5. Palibe moni, palibe kutseka. Izi zimachitika kwambiri mukamalemba pa foni. Pa imelo yoyamba ya nkhani, kapena yoyamba ya tsiku, ikani moni ndi dzina la munthuyo. Mukafika pa yankho lachitatu kapena lachinayi la nkhani yomweyo, moni sufunikanso, ndipo kuubwereza kumayamba kuuma.

6. Vuto silili m'mawu, lili pa mabatani. Izi sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika zimapweteka kuposa zonse. Kuika bwana wa munthu pa CC pa chikumbutso choyamba ndi kumuneneza, ngakhale mawu anu akhale okoma chotani. Reply All podzudzula munthu mmodzi ndi kumuyalutsa pagulu. Chizindikiro chofiira cha High Importance mu Outlook chikaikidwa pa nkhani wamba chimamveka ngati kumenya tebulo. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zimawerengedwa ngati kukuwa, ndipo zimenezi zinalembedwa kale mu 1995 m'malangizo a khalidwe la pa intaneti otchedwa RFC 1855. Musanatumize, yang'anani mzere wa To ndi wa CC, mudzifunse ngati aliyense amene ali pamenepo akufunikadi kuona.

## Chizindikiro chachiwiri: imelo ikumveka ngati kalata ya kukhoti

Apa palibe amene amakwiya poyera. Mudzangoona kuti mnzanu amene mumaseka naye wakuyankhani mwa mwambo ngati mlendo, kapena wakuimbirani kufunsa kuti, "Kodi kwagwanji?" Ena amaganiza kuti kuuma n'kotetezeka kusiyana ndi kukalipa. Ine sindivomereza. Kwa munthu amene mumazolowerana naye, ulemu wadzidzidzi umamveka ngati mwamukwiyira kapena mukusonkhanitsa umboni.

1. Mukugwiritsa ntchito chikombole cha kalata yofunsira ntchito. Ambiri tinaphunzira kalembedwe kamodzi kokha ka kalata ya ku ofesi, ndiye timakaveka pa uthenga uliwonse. Zizindikiro zake ndi monga izi: "Ndikulemba kalata ino pofuna kukudziwitsani kuti", "Malinga ndi mutu womwe uli pamwambawu", "Ndidzakhala wokondwa ngati pempho langa lidzaganiziridwa", "Ine wanu wokhulupirika". Yesani kuphimba chiganizo choyamba ndi chala. Ngati imelo ikumvekabe popanda icho, chichotseni. Kawirikawiri nkhani yeniyeni imayambira pambuyo pa "kuti" woyamba.

2. Mwabisa wolankhula. "Mukudziwitsidwa kuti", "mukupemphedwa kuti", "zaganiziridwa kuti", "zidzayamikiridwa". Aneni othera mu "-dwa" amachotsa munthu, n'kusiya ofesi ikulankhula yokha. Ali ndi malo ake, monga chidziwitso chopita kwa antchito onse kuchokera ku utsogoleri. Koma ngati ndinu munthu mmodzi mukulembera mnzanu mmodzi, nenani kuti "ndikupempha" kapena "tagwirizana kuti". Chodabwitsa n'chakuti "mukupemphedwa kuti mufike" imamveka yolamula kuposa "ndikupempha kuti mufike", chifukwa palibe amene mungamuyankhe. Pamenepa kuuma ndi kukalipa zimakumana.

3. Mwamasulira mawu ozolowereka a chilankhulo china liwu ndi liwu. Amene amagwira ntchito m'zilankhulo ziwiri amadziwa vutoli. Ndaonapo imelo yonena kuti "Chonde pezani chikalata chomwe chamatidwa." Palibe munthu amalankhula choncho. Lembani kuti, "Ndaikamo chikalata chija, muchione." Mukakayikira chiganizo, dzifunseni ngati mungachinene pakamwa munthuyo ali pamaso panu. Ngati simungachinene, lembani chomwe mukananena, kenako muchisalaze pang'ono.

4. Simukutsatira mnzanuyo. Iye wakulemberani kuti "Zikomo, ndaona, tikambirana mawa", inu n'kuyankha ndi "Olemekezeka Bambo Uje". Onani momwe iye watsegulira ndi momwe wasainira. Ngati ndi wamkulu pa udindo, khalani khwerero limodzi pamwamba pa kalembedwe kake, osati atatu. Ngati iye wasaina ndi dzina loyamba lokha, "a" patsogolo pa dzinalo amakwanira kusunga ulemu. Koma musatsike kufika pa "iwe" mu imelo ya ntchito, ngakhale kwa mnzanu wapamtima, chifukwa imelo imatumizidwa kwa ena ndi Forward, ndipo iwo sadziwa za ubwenzi wanu.

## Chizindikiro chachitatu: mwafewetsa, tsopano palibe akuyankha

Ili ndi vuto lobwera chifukwa cha mankhwala. Munthu anauzidwa kuti amakalipa, ndiye wayamba kuzungulira mpaka pempho lasowa. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala:

- Tsiku lachoka. "Mukapeza mpata" kapena "posachedwapa" si tsiku. Munthu wotanganidwa amayamba ndi zomwe zili ndi tsiku. Bwezeranimo tsiku ndi ola.
- Pempho lakwiririka. Lili mu ndime yachitatu, pambuyo pa moni wautali ndi mbiri ya nkhani. Liikeni m'mizere itatu yoyambirira, makamaka poti ambiri amawerengera pa foni.
- Kupepesa kwachuluka. "Pepani kukuvutitsani, pepani ndikudziwa ndinu otanganidwa." Kupepesa kamodzi n'kokwanira, ndipo ngati mukupempha zomwe ndi ntchito yake, sipafunika kupepesa n'komwe.
- Mwalembera gulu. "Wina andithandizeko" ikapita kwa anthu 6, aliyense amaganiza kuti mnzake achita. Tchulani munthu mmodzi.

Lamulo lomwe ndimatsatira ndi lakuti chofewetsa ndi kapemphedwe, koma chinthu chopemphedwacho, tsiku lake ndi chifukwa chake zikhale zolimba monga zinalili.

## Imelo imodzi, kulembedwa katatu

Ichi chinandichitikira ineyo. Ndinkasonkhanitsa malipoti a mwezi kuchokera ku madipatimenti anayi kuti ndiwaphatikize msonkhano wa Lachinayi m'mawa usanachitike. Atatu anafika Lolemba. Lipoti lotsalalo linali kwa mayi wina amene ndi wofanana nane pa udindo, ndipo sitinkalemberana kawirikawiri. Lachiwiri madzulo, nditatopa, ndinalemba izi, bwana wawo ali pa CC:

"Simunatumizebe lipoti. Paja tinagwirizana Lolemba. Tumizani mawa musalephere."

Mawu ake ndi ochepa, koma muli zolakwika zisanu. Chiganizo choyamba chikuloza chala. "Paja" akuwagwira ndi mawu awo. "Tumizani" ndi lamulo. "Musalephere" ndi chiopsezo. Ndipo CC yawaneneza asanapatsidwe mpata woyankha. Palibenso moni, palibe chifukwa, ndipo "mawa" alibe ola. Mwamwayi ndinali ndi chizolowezi chosiya imelo zotere mu Drafts mpaka m'mawa. Nditaiwerenganso ndinachita manyazi, ndipo ndinalumphira mbali inayo:

"Olemekezeka Mayi, ndikulemba kalata ino modzichepetsa pofuna kukukumbutsani za lipoti lomwe linayenera kuperekedwa. Pepani kwambiri pokusokonezani, ndikudziwa kuti muli ndi ntchito zambiri. Zidzayamikiridwa ngati nkhaniyi ingaganiziridwe pamene mwapeza mpata. Ine wanu wokhulupirika."

Iyinso sinali bwino. Sikunena lipoti liti, sikunena tsiku, ndipo "linayenera kuperekedwa" akudzudzulabe, kungoti wavala jekete. Mayiwo akanaiwerenga akanamva kuti ndakwiya koma ndikubisa, komanso akanaganiza kuti Lachisanu n'chimodzimodzi. Yomwe ndinatumiza ndi iyi, kwa iwo okha, mutu wake uli "Lipoti la mwezi: likufunika lero 3 koloko":

"Mwadzuka bwanji Mayi. Ndikuphatikiza malipoti a mwezi a msonkhano wa mawa m'mawa, ndipo la dipatimenti yanu sindinalione, mwina landidutsa. Kodi mungathe kunditumizira isanakwane 3 koloko masana ano? Ndikufuna maola awiri oti ndiphatikize ndi kusindikiza. Ngati pali pomwe zavuta mundiuze, tikhoza kuyamba ndi manambala okha, mawu ofotokozera n'kubwera pambuyo. Zikomo."

Onani kuti yachitatuyi ndi yokhwima kuposa yoyamba ija. Yoyamba inati "mawa", iyi ikuti 3 koloko. Chomwe chasintha ndi chakuti mneni wakwera kufika pa funso, mlandu wachoka pa iwo, chifukwa chaoneka, ndipo pali khomo lotulukira ngati sanamalize. Khomo limenelo ndi lomwe linagwira ntchito. Anayankha patangopita mphindi zochepa kuti akudikira manambala a munthu wina amene anali asanabwere ku ntchito, ndipo ananditumizira zomwe zinalipo. Ndikanatumiza yoyamba ija, ndikanawaneneza kwa bwana wawo pa kuchedwa komwe sikunali kwawo.

Mawu akuti "mwina landidutsa" muwagwiritse ntchito pa chikumbutso choyamba chokha, komanso ngati n'zothekadi kuti landidutsa. Pa chikumbutso chachitatu amamveka achinyengo. Pofika pamenepo nenani zoona zake modekha: "Ndinalemba Lolemba ndi Lachitatu za lipoti lija. Popanda ilo sinditha kumaliza, ndiye ndiyenera kuwadziwitsa abwana kuti gawo limenelo lichedwa. Ndimati ndiyambe ndakuuzani inuyo." Apa mukumuuza munthu musanapite pamwamba, ndipo zimenezi n'zosiyana kwambiri ndi kumudzidzimutsa ndi CC.

## Chizindikiro chachinayi: mutu wavala suti, miyendo ili ndi kabudula

Imelo yayamba ndi "Olemekezeka" n'kuthera pa kankhope koseka, kapena yayamba mwachibwana pakati n'kutulukira ndime ya malamulo. Kawirikawiri zimachitika chifukwa mwakopera chidutswa cha imelo ina yakale, kapena mwakonza pamwamba pokha n'kuiwala pansi. Nthawi zina ndi siginecha yodziikira yokha, yomwe ili ndi mawu otsekera olemera kuposa uthengawo. Werengani moni, mneni wa pempho ndi mawu otsekera motsatizana, kudumpha zapakati. Zitatuzi zikhale za khwerero limodzi. Timankhope toseka musatigwiritse ntchito pophimba chiganizo chobaya. Konzani chiganizocho.

## Chizindikiro chachisanu: mwatumiza kale

Madzi akatayika saoleka, komabe pali zochepa zomwe mungachite.

- Mu Gmail muli Undo Send, yomwe imakupatsani masekondi 5, 10, 20 kapena 30 malinga ndi momwe mwasankhira mu Settings. Ikani pa 30 lero lomwe, vuto lisanafike.
- Recall ya mu Outlook imagwira pokhapokha nonse muli pa makina a imelo a bungwe limodzi, ndipo siyodalirika ngati munthuyo watsegula kale uthengawo. Kwa munthu wa kunja kwa bungwe lanu musaidalire n'komwe.
- Ngati wawerenga, muimbireni kapena pitani pomwe ali. Chiganizo chimodzi chimakwanira: "Imelo ija ndinailemba mothamanga, yamveka yaukali, pepani." Musanene kuti "ngati mwakhumudwa", chifukwa mawu amenewo amabwezera vuto kwa iye.
- Ngati munamudzudzula ena akuona, kukonzako kuonekenso kwa anthu omwewo. Yankhani pa imelo yomweyo ndi mzere umodzi wovomereza kuti munafulumira.

Ngati mumadziwa kuti mumalemba zaukali mukatopa, zolowerani kulemba adiresi ya wolandira pomaliza penipeni. Imelo yopanda adiresi singachoke mwangozi.

## Pomwe muyenera kusiya kukonza mawu

Pali nkhani zomwe vuto lake si kamvekedwe, ndipo kusalaza ziganizo kukhoza kukuikani m'mavuto. Imelo ya ntchito ndi cholembedwa chosungika, ndipo ikhoza kudzawerengedwa pa mlandu wa mwambo wa pantchito kapena kukhoti ndi anthu omwe sakukudziwani. Imani, musatumize, ndipo funsani oyenera pa zinthu izi:

- Chenjezo, chilango kapena kuchotsa munthu ntchito. Pitani kwa oona za ogwira ntchito. Makalata amenewa ali ndi ndondomeko yake, ndipo kuwafewetsa nokha kungachititse kuti chenjezo lisawerengedwe ngati chenjezo.
- Dandaulo la nkhanza, kusalidwa kapena kuvutitsidwa mokhudza kugonana. Kaya ndinu wodandaula kapena wodandauliridwa, musakambirane pa imelo ndi munthu winayo. Sungani mauthenga onse monga alili, osafufuta kanthu, ndipo kaonaneni ndi oona za ogwira ntchito kapena woimira bungwe la antchito ngati lilipo.
- Kasitomala watchula loya, chipukuta misozi kapena kuphwanya kontrakiti. Apa ngakhale "pepani, tinalakwitsa" wolembedwa mwaulemu akhoza kutengedwa ngati kuvomera mlandu m'malo mwa bungwe lonse. Muonetse bwana wanu kapena loya wa bungwe musanayankhe. Ngati muyenera kuyankha msanga, lembani kuti mwalandira uthengawo ndi tsiku lomwe adzamve kuchokera kwa inu.
- Mtolankhani kapena ofesi ya boma yoyang'anira ntchito yanu yafunsa. Perekani kwa amene anapatsidwa udindo wolankhulira bungwe.
- Mukulemba m'chilankhulo chomwe simuchidziwa bwino, pa nkhani ya ndalama zambiri kapena mgwirizano. Makwerero a ulemu amasiyana chilankhulo ndi chilankhulo. Pezani womasulira waluso, kapena mnzanu wa pantchito amene anakulira m'chilankhulocho ndipo ndi wololedwa kuona nkhaniyo.

Palinso malire ena aang'ono omwe safuna katswiri. Mukaona kuti mwayankhana katatu pa nkhani imodzi ndipo yankho lililonse likutalika kapena likuuma kuposa lapitalo, imelo yalephera. Yachinayi siikonza, ngakhale muisule chotani. Imbani foni kapena pemphani mphindi 10 zokumana, ndipo mukagwirizana, tumizani mizere iwiri yongolemba zomwe mwagwirizanazo, ndani achita chiyani ndiponso pofika liti. Ngati ndi munthu yemweyo mwezi ndi mwezi, ndipo mwayesa zonsezi koma imelo iliyonse ikubala mkangano, auzeni abwana anu kapena oona za ogwira ntchito kuti akukhazikeni pansi nonse awiri, ndipo popita kumeneko mutenge imelo zenizenizo zosasinthidwa, zanu ndi zake zomwe.